Kalembedwe ka Chidziwitso cha Msonkhano Waukulu wa Pachaka wa Gulu Losunga Ndalama

Magulu ambiri osunga ndalama m'Chipata ndi m'maboma oyandikana nawo monga Katete, Chadiza ndi Lundazi amatseka chaka chawo mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, kuti anthu agawane ndalama nthawi yogula feteleza isanapite ndiponso kuti zofunika za ana a sukulu za mu Januwale zipezeke zili m'manja. Msonkhano waukulu wa pachaka umachitika m'nyengo yomweyo, ndipo ndi umene umalandira lipoti la ndalama, kusankha komiti ndi kusintha malamulo. Chimene chimapatsa msonkhanowo mphamvu ndi chidziwitso chimene mlembi amatumiza kwa mamembala. Chidziwitso chikalakwika, membala amene wagonja pa chisankho amakhala ndi pogwira, ndipo angathe kunena kuti zonse zimene zinagwirizanidwa tsiku limenelo n'zosagwira ntchito.

Pofotokoza ndondomekoyi tigwiritsa ntchito chitsanzo cha gulu la amayi ndi abambo ochita malonda pa msika wa Kapata, limene limakumana Loweruka lililonse ndipo lasankha kuchita msonkhano waukulu Loweruka pa 5 Disembala 2026, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Manambala a malamulo amene atchulidwe pano ndi a gulu lachitsanzoli. Gulu lanu lili ndi ake, ndipo amenewo ndiwo muyenera kutsata.

Yambani ndi buku la malamulo a gulu

Musanalembe liwu ngakhale limodzi, tsegulani malamulo amene mamembala anasaina pamene gulu linkayamba, ndipo mufufuzemo zinthu zinayi: masiku amene chidziwitso chiyenera kutsogola msonkhano, chiwerengero cha anthu amene ayenera kupezekapo kuti msonkhano upange ziganizo, ngati membala amaloledwa kuvota kudzera mwa womuimira, ndi zimene zimachitika anthu akapanda kukwana. Chidziwitso sichipanga lamulo latsopano. Chimangotenga zimene zili kale m'malamulo n'kuzisandutsa masiku enieni ndi manambala enieni amene membala aliyense angathe kuwamva popanda kuwerengera yekha. Ngati malamulo anu sanena chilichonse pa za kuvota kudzera mwa womuimira, mlembi kapena komiti alibe mphamvu yoyambitsa zimenezo m'chidziwitso, ngakhale atakhala ndi cholinga chabwino chothandiza amene ali kutali. Choyenera n'kuika nkhaniyo pa ndondomeko ya zokambirana, mamembala avomereze kapena akane pamsonkhanowo, ndipo akavomereza lamulolo liyambe kugwira ntchito pa msonkhano wotsatira.

Gulu limene linalembetsedwa ku boma lili ndi chinthu china choti lione. Ngati munalembetsa ngati koparetivi pansi pa lamulo la makoparetivi la 1998, kapena ngati bungwe ku ofesi ya mkulu wolembetsa mabungwe, malamulo amene amagwira ntchito ndi aja munapereka polembetsa, osati amene mwakhala mukuwasintha pakamwa pamisonkhano ya Loweruka. Koparetivi ifunse ku ofesi ya makoparetivi ya m'boma lake isanalole kuvota kudzera mwa womuimira. Magulu ambiri a vileji banki sanalembetse kwina kulikonse, ndipo kwa iwo kope lija losainidwa ndilo lamulo lonse limene ali nalo.

Werengani masiku mobwerera m'mbuyo

Malamulo a gulu lathu lachitsanzo akuti chidziwitso chifike kwa membala aliyense masiku 14 athunthu msonkhano usanachitike. Njira yotetezeka yowerengera ndi kusiya tsiku limene chidziwitso chaperekedwa, n'kusiyanso tsiku la msonkhano. Tikayamba pa 4 Disembala n'kubwerera m'mbuyo masiku 14, tifika pa 21 Novembala, kutanthauza kuti chidziwitso chiyenera kukhala chitafika m'manja mwa anthu pofika Lachisanu pa 20 Novembala. Apa mlembi wosasamala amagwa m'mbuna: poona kuti pa 21 Novembala ndi Loweruka, ndipo ndi masabata awiri msonkhano usanafike, amaganiza kuti adzagawa makalata pa kukumana kwa tsiku limenelo. Akatero amakhala atachedwa ndi tsiku limodzi. Kukumana koyenera kugawirapo ndi kwa pa 14 Novembala, ndipo masiku asanu ndi limodzi otsalawo akhale ofunafuna amene sanabwere.

Posankha tsiku, kumbukirani kuti mvula yoyamba ikagwa anthu a minda ku Chiparamba kapena ku Kalichero sangasiye kudzala chifukwa cha msonkhano. Magulu amene chaka chawo chimatha nthawi zina apewe Loweruka lomaliza la Febuluwale, pamene anthu amapita ku Ncwala ku Mtenguleni, ndi Loweruka lomaliza la Ogasiti, tsiku la Kulamba ku Mkaika.

Konzani kaundula, kenaka pezani koramu

Koramu ndi chiwerengero chochepetsetsa cha mamembala amene ayenera kupezeka kuti zimene msonkhano wagwirizana zimange gulu lonse, kuphatikizapo amene sanabwere. Imaikidwa pofuna kuti anthu ochepa asakumane paokha n'kusintha chiwongoladzanja kapena kuchotsa msungichuma m'dzina la onse. Malamulo ambiri amailemba ngati gawo, monga magawo awiri mwa magawo atatu a mamembala onse, ndipo n'chifukwa chake simungaidziwe musanadziwe kuti mamembala onsewo ndi angati.

M'kaundula wa gulu lathu muli mayina 31. Mmodzi anamwalira mu Juni, ndipo mwana wake amene adzalandire ndalama zake monga analembedwera m'pasibuku sanakhale membala chifukwa cha zimenezo. Wina anatuluka m'gulu polemba kalata, ndipo masheya ake anabwezeredwa. Atsala 29. Pali mayi wina amene anasamukira ku Lusaka koma amatumiza masheya ake pa foni mwezi ndi mwezi. Ameneyo ndi membala ndithu, ndipo awerengedwe ngakhale kuti papita nthawi osaoneka. Palinso awiri amene ali ndi ngongole yochedwa. Amenewa n'kosavuta kuwachotsa pa chiwerengero chifukwa cha mkwiyo, koma ngati malamulo sakunena kuti wangongole yochedwa amataya voti yake, ndi mamembala okwana monga ena onse. Komiti ikhale pansi, igwirizane pa mndandanda wa mayina 29 amenewa, ndipo mndandandawo upite limodzi ndi chidziwitso kuti wodandaula adandaule msonkhano usanafike.

Tsopano werengerani. Chulukitsani 29 ndi 2, mupeza 58. Gawani 58 ndi 3, mupeza 19, kutsala 1. Popeza chatsalako, anthu 19 sakukwana magawo awiri mwa atatu, choncho koramu ndi 20. Nthawi zonse pakatsala kanthu muzikwera, osatsika. Mukanagwiritsa ntchito mayina onse 31 osakonza kaundula, mukanapeza 62 kugawa ndi 3, kumene ndi 20 kutsala 2, ndipo koramu ikanakhala 21. Kusiyana kwa munthu mmodzi kumaoneka kochepa mlembi ali patebulo pake, koma monga tionere m'munsimu, n'kumene kungachititse kuti msonkhano uchitike kapena ulephereke.

Ngati malamulo anu amati opitirira theka, gulu la anthu 28 likufuna 15, osati 14, ndipo la anthu 29 likufunanso 15. Mawu akuti theka ndi mmodzi ndi ovuta pa gulu la nambala yosagawika pawiri, chifukwa wina adzati 15 ndipo wina adzati 16. Komiti igamule msanga, ndipo m'chidziwitso mulembe nambala yeniyeniyo pafupi ndi ndime ya lamulo imene yachokera.

Fotokozani za womuimira mosasiya mpata

Kuvota kudzera mwa womuimira n'kuti membala amene sangathe kufika apatse munthu wina mphamvu yolembedwa yoti avote m'malo mwake pa msonkhano umodzi wotchulidwa. Pa mbali imeneyi chidziwitso chiyenera kuyankha mafunso amene anthu adzafunsa pakhomo tsiku la msonkhano, ndipo funso lalikulu pa onse ndi lakuti kodi membala amene watumiza kalata amawerengedwa pa koramu kapena ayi. Malamulo ena amati opezekapo okha ndiwo amawerengedwa. Ena amati opezekapo ndi oimiridwa. Njira zonse ziwiri n'zotheka, koma chidziwitso chinene poyera imene gulu lanu limatsata. Ngati malamulo amalola kalata koma sanena za koramu, ine ndimalangiza kuti muwerenge opezekapo okha, chifukwa msonkhano umene wakwana ndi anthu ooneka ndi maso palibe angautsutse pa za koramu, ndipo muike kukonza ndimeyo pa zokambirana. Gulu lathu lachitsanzo lili ndi ndime yomveka: oimiridwa ndi kalata yovomerezeka amawerengedwa.

Gulu lotere liyenera kusamala kwambiri malire a makalata amene munthu mmodzi anganyamule. Taganizirani gulu la anthu 29 lopanda malire otero. Anthu awiri okha, aliyense atasonkhanitsa makalata 9 poyenda khomo ndi khomo, akwanitsa koramu ya 20 ali awiriwiri, ndipo angathe kudzisankhanso pa maudindo ndi kuvomereza lipoti la ndalama limene palibe wina aliyense waliona. N'chifukwa chake malamulo abwino amati membala mmodzi anyamule kalata imodzi yokha, ndipo ambiri amaletsa wapampando, mlembi ndi msungichuma kunyamula kalata iliyonse, popeza lipoti limene likuvoteredwa ndi lawo.

Funso lachiwiri ndi lakuti angaimire mnzake ndani. Kwathu kuno n'chizolowezi kuti mayi akadwala mwamuna wake kapena mwana wake wamkulu amabweretsa masheya ndi pasibuku, ndipo gulu limalandira popanda vuto. Kubweretsa ndalama ndi kuvota n'zosiyana. Munthu amene si membala sanasaine malamulo, sanalonjeze kusunga chinsinsi cha ngongole za anzake, ndipo pamsonkhano waukulu mayina a angongole amawerengedwa poyera. Gulu lathu limafuna kuti woimira akhale membala mnzake. Lembani zimenezi m'chidziwitso momveka bwino, kuti bambo wolemekezeka asabwezedwe pakhomo anthu akuona.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu ndi ndalama zogawana. Kalata ya voti sipatsa woimira mphamvu yolandira ndalama za mnzake. Ngati kugawana kuchitike tsiku lomwelo, amene sadzapezeka alembe kalata ina yapadera yonena amene adzamulandirire kapena nambala ya foni imene ndalamazo zitumizidweko. Komanso voti siikula ndi masheya: amene wasunga K12,000 ndi amene wasunga K900 aliyense ali ndi voti imodzi, ndipo kalata imanyamula voti imodzi yomweyo.

Ikani nthawi yomaliza yolandirira makalata. Gulu lathu limati maola 48 msonkhano usanayambe, ndiye kuti Lachinayi pa 3 Disembala nthawi ya 9 koloko m'mawa. Maola amenewo ndi oti mlembi ayerekeze siginecha ndi imene ili m'kaundula, aimbire foni mwini kalata ngati pali chokayikitsa, ndiponso alembe mndandanda wa makalata ovomerezeka. Membala wosadziwa kulemba adinde chala pamaso pa mboni imene ndi membala koma si woimirayo. Kwa amene ali kutali, chithunzi cha kalata yosainidwa chotumizidwa pa WhatsApp kuchokera pa nambala yake imene ili m'kaundula chingalandiridwe pokhapokha malamulo atalola. Uthenga wapakamwa wakuti "anandituma kuti ndiwavotere" usalandiridwe, ngakhale wonenayo akhale mchemwali wake weniweni.

Lembani chidziwitso

Zokambirana zilembedwe kotero kuti membala adziwe chimene akukavotera asananyamuke kunyumba. Kulemba kuti "nkhani ya chiwongoladzanja" sikokwanira, makamaka kwa amene akutumiza kalata, chifukwa sangauze womuimira chochita pa funso limene sanalione. Lembani chiganizo chonsecho monga mmene chidzavoteredwe. Mutu wa nkhani zina uzikhalapo, koma pansi pake pasasinthidwe lamulo, pasachotsedwe munthu m'gulu, ndipo pasagamulidwe za ndalama. Nachi chitsanzo chimene mungasinthe malinga ndi malamulo anu.

CHIDZIWITSO CHA MSONKHANO WAUKULU WA PACHAKA

Gulu la ....................................................
Tsiku: 14 Novembala 2026

Kwa mamembala onse,

Molingana ndi ndime ...... ya malamulo athu, mukudziwitsidwa kuti msonkhano waukulu wa pachaka udzachitika Loweruka pa 5 Disembala 2026, kuyambira 9 koloko m'mawa, ku .................................... Chonde bwerani ndi pasibuku yanu.

Zokambirana:
1. Pemphero, kuitana mayina ndi kulengeza koramu.
2. Kuvomereza maminitsi a msonkhano waukulu wa chaka chatha.
3. Lipoti la wapampando.
4. Lipoti la msungichuma la masheya, ngongole, zindapusa ndi thumba la mavuto.
5. Chiganizo chosintha lamulo: kuti chiwongoladzanja cha ngongole chitsike kuchoka pa 10 peresenti kufika pa 8 peresenti pa mwezi, kuyambira m'chaka chatsopano cha gulu.
6. Kusankha wapampando, mlembi, msungichuma, owerenga ndalama ndi osunga makiyi.
7. Nkhani zina zosafuna voti.

Koramu: Gulu lili ndi mamembala 29, monga alili pa mndandanda umene waphatikizidwa. Malinga ndi ndime ......, koramu ndi magawo awiri mwa atatu a mamembala onse, amene ndi mamembala 20. Opezekapo ndi oimiridwa ndi kalata yovomerezeka onse amawerengedwa. Koramu ikapanda kukwana pofika 10 koloko, msonkhano udzasunthidwa kufika Loweruka pa 12 Disembala 2026, nthawi ndi malo omwewo, ndipo tsiku limenelo koramu idzakhala mamembala 15, kupatula pa nambala 5 imene idzafunabe mamembala 20.

Mavoti: Membala aliyense ali ndi voti imodzi. Ziganizo zidzadutsa ndi mavoti opitirira theka la mavoti oponyedwa, koma nambala 5 ifuna magawo awiri mwa atatu a mavoti oponyedwa.

Kuvota kudzera mwa womuimira: Membala amene sangathe kufika angasankhe membala mnzake kuti amuvotere podzaza fomu imene yaphatikizidwa. Membala mmodzi anganyamule kalata imodzi yokha. Wapampando, mlembi ndi msungichuma sanganyamule kalata. Fomu ifike kwa mlembi pofika Lachinayi pa 3 Disembala 2026, 9 koloko m'mawa. Kalatayi siipereka mphamvu yolandira ndalama.

Ine wanu,
....................................
Mlembi, m'malo mwa komiti

Fomu ya womuimira ikhale yaifupi, koma isasowe tsiku la msonkhano ndi malo osonyezera chifuniro cha mwini voti:

Ine ...................................., nambala ...... m'kaundula, ndikusankha ...................................., nambala ......, kuti andivotere pa msonkhano waukulu wa pa 5 Disembala 2026, ndiponso pa tsiku limene msonkhanowo ungasunthidwireko. Pa nambala 5 ndikuvomereza / ndikukana / avote monga aonera. Pa chisankho cha maudindo avote monga aonera, kapena avotere awa: .................................... Siginecha kapena chala ............ Tsiku ............ Mboni ............

Mawu aja akuti "ndiponso pa tsiku limene msonkhanowo ungasunthidwireko" musawasiye. Popanda iwo, msonkhano ukasunthidwa makalata onse amatha ntchito ndipo mlembi ayenera kuyambanso kuwasonkhanitsa m'sabata imodzi.

Gawani ndipo sungani umboni

Aliyense wolandira chidziwitso asaine kapena adinde chala pafupi ndi dzina lake pa pepala la mlembi, ndi kulemba tsiku. Chidziwitso chiwerengedwenso mokweza pa kukumana kwa pa 14 Novembala, chifukwa si onse amene amawerenga momasuka, ndipo mafunso okhudza fomu ayankhidwe pomwepo. Kuika chithunzi cha chidziwitso pa gulu la WhatsApp kumathandiza, koma sikufika kwa amene ali ndi mafoni ang'onoang'ono, choncho amene sanabwere afikiridwe kunyumba kapena pa benchi yawo ku msika. Membala mmodzi yekha amene sanauzidwe ali ndi chifukwa chomveka chotsutsira msonkhano wonse, ngakhale anthu atakwana bwanji.

Mmene manambala amagwirira ntchito pa tsikulo

Pofika Lachinayi mlembi walandira makalata anayi. Yoyamba ndi ya mayi wa ku Lusaka uja, yachiwiri ya bambo amene akudwazika kuchipatala, yachitatu ya mayi amene wapita kukaoda katundu ku Nakonde, ndipo yachinayi ya mayi amene ali ku munda ku Chadiza. Zitatu zoyambazo zili bwino. Yachinayi yatchula mwamuna wake, amene si membala, choncho siyovomerezeka, ndipo mlembi amuimbire foni tsiku lomwelo kuti adziwe kuti voti yake idzamveka pokhapokha atabwera yekha.

Loweruka pa 9 koloko mlembi akuitana mayina, ndipo ayankha anthu 17. Akawonjezera makalata atatu ovomerezeka, akwana 20, ndipo wapampando akulengeza kuti koramu yakwana. Mlembi aonetsetse kuti onyamula makalata atatuwo ali m'gulu la anthu 17 aja, chifukwa kalata imene woinyamula sanabwere siiwerengedwa. Onani kuti kaundula akanasiyidwa ndi mayina 31, kapena malamulo akanati opezekapo okha, anthu omwewa akanabwerera kwawo osachita kanthu. Ndipo ngati bambo wodwazika uja atatulukira pakhomo, kalata yake imatha pomwepo, iye amavota yekha, ndipo chiwerengero chimakhalabe 20. Kulakwitsa kofala n'kumuwerenga kawiri, kamodzi m'thupi ndi kamodzi papepala.

Pa chiganizo cha chiwongoladzanja, ngati mavoti onse 20 aponyedwa, magawo awiri mwa atatu ndi 40 kugawa ndi 3, kumene ndi 13 kutsala 1, ndiye kuti pakufunika mavoti 14. Tinene kuti mwa opezekapo 17, ovomereza ndi 12 ndipo okana ndi 5. Wapampando asawerenge manja awiri a munthu mmodzi, chifukwa zimenezo zimasokoneza owerenga. Atatha kuwerenga opezekapo, mlembi aitane makalata imodzi ndi imodzi potchula dzina la mwini wake. Kalata yoyamba yalembedwa kuti ndikuvomereza, yachiwiri kuti ndikukana, ndipo yachitatu yasiyira womuimira, amene wavomereza. Ovomereza akhala 14, okana 6, ndipo chiganizo chadutsa pa malire penipeni. Wonyamula kalata yachiwiri anavomereza pa voti yake, koma ayenera kukana m'dzina la amene anamutuma. Alibe ufulu wosintha zimene zalembedwa, ndipo akayesa kutero mlembi alembe zimene zili papepala. Pa chisankho cha maudindo, pamene magulu ambiri amavota mwachinsinsi poponya kamwala kapena kapepala m'thumba, wonyamula kalata apatsidwe tiwiri pamaso pa onse, ndipo tonse tikawerengedwa tisapitirire 20.

Pali ngozi ina imene imabwera msonkhano uli mkati. Tinene kuti nambala 5 itangotha, mayi wina walandira uthenga wa maliro n'kunyamuka, ndipo ndi mmodzi wa onyamula makalata. Kuchoka kwake kwachotsa mavoti awiri, ndipo chiwerengero chatsika kufika pa 18 chisankho cha maudindo chisanachitike. Malamulo ena amafuna koramu potsegula pokha, ena amafuna kuti ikhalepo pa voti iliyonse. Ngati anu sanena, chanzeru n'kuwerenganso anthu musanavote chilichonse chachikulu, ndipo koramu ikasweka, zimene zagamulidwa kale zikhale, koma zotsalazo zipite ku tsiku losunthira la pa 12 Disembala, pamene mamembala 15 adzakwanira kusankha komiti. N'chifukwa chakenso nkhani zofuna voti zimaikidwa patsogolo pa nkhani zina, ndipo kugawana ndalama, ngati kulipo tsiku lomwelo, kumaikidwa pamapeto penipeni; munthu amene walandira zake sachedwa kukumbukira kuti wasiya benchi yopanda munthu ku msika.

M'maminitsi mlembi alembe nthawi imene mayina anaitanidwa, mayina a opezekapo 17, mayina a oimiridwa atatu pamodzi ndi owaimira, kalata imene inakanidwa ndi chifukwa chake, mavoti a mbali iliyonse pa chiganizo chilichonse, ndi nthawi imene munthu aliyense anachoka. Makalata onse anayi, kuphatikizapo yokanidwayo, amangiriridwe ku chidziwitso ndi ku pepala lija la olandira, ndipo zisungidwe m'bokosi la gulu limodzi ndi buku la malamulo, limene ndime yake ya chiwongoladzanja ilembedwenso ndi 8 peresenti, tsiku la 5 Disembala 2026 ndi siginecha ya wapampando ndi mlembi.